Kodi madzi akumwa awire kwa mphindi zingati, ndipo kukhala kumapiri kumasintha kanthu?

Mukafunsa anthu asanu kuti madzi akumwa ayenera kuwira nthawi yaitali bwanji, mudzamva mayankho osiyana. Wina adzati mphindi 5, wina 10, ndipo alipo ena amene anaphunzitsidwa kusukulu kuti osachepera mphindi 20. Mayi amene akuwerenga makala otsala m'thumba amadziwa kuti kusiyana kwa mphindi imodzi ndi mphindi 20 si nkhani yaing'ono, chifukwa ndi moto womwewo umene uyenera kuphikanso nsima ndi ndiwo. Ndiye ndibwino tiyambe ndi yankho lenileni, kenaka tione kumene likuchokera.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti madzi akafika pogaduka kwenikweni, ndiye kuti tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba tafa. Chotsatira n'kuwaphula ndi kuwasiya azizire okha. Bungwe la CDC la ku America limaonjezera pang'ono: madzi agaduke kwa mphindi imodzi yathunthu, ndipo ngati muli pamalo okwera kuposa mamita pafupifupi 2,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, agaduke kwa mphindi zitatu. Malangizo awiriwa akuoneka ngati akusiyana, koma sakutsutsana. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kudziwa chimene chimapha tizilomboti.

Thovu ndi chizindikiro chabe

Ambirife timaganiza kuti tizilombo timafa pamene madzi ayamba kugaduka, ngati kuti kugadukako ndiko kumatipha. Sizili choncho. Chimene chimapha ndi kutentha, pamodzi ndi nthawi imene tizilomboto takhala m'kutenthako. Thupi la kachilombo linapangidwa ndi mapuloteni, ndipo mapuloteni akatenthedwa amalimba ndi kusiya kugwira ntchito, monga momwe choyera cha dzira chimaumira mukachiika pamoto. Dzira siliyembekeza kuti madzi afike madigiri 100 kuti liyambe kulimba, ndipo tizilombo nato sitiyembekeza.

Umboni wake tili nawo mu mkaka wa m'mapaketi umene timagula m'magolosale. Njira yakale yophera tizilombo mu mkaka, imene inatenga dzina kwa wasayansi wa ku France Louis Pasteur, siwiritsa mkaka ayi. Amautenthetsa pa madigiri 63 kwa mphindi 30, kapena pa madigiri 72 kwa masekondi 15 okha. Taonani mmene nthawi yatsikira: kungokweza kutentha ndi madigiri 9, theka la ola lasanduka masekondi 15. Umo ndi mmene nkhaniyi imayendera. Kutentha kukakwera pang'ono, nthawi yofunika imatsika kwambiri, ndipo pofika m'madigiri 90 tizilombo ta m'mimba sititha n'komwe masekondi angapo.

Mabakiteriya amene amayambitsa kolera, taifodi ndi kamwazi ndi ofooka pamoto. Madzi akapitirira madigiri 65 amayamba kufa mofulumira. Palinso tizilombo tina tokhala ndi chikhungwa cholimba, monga jiyadiya ndi kriputosiporidiyamu. Kachiwirika n'kodziwika chifukwa klorini, pa mlingo umene timathira m'madzi akumwa, sakakwanitsa bwino, koma pamoto kamagonja: madzi akangopitirira madigiri 72, mphindi imodzi imakwanira kuti kasathenso kudwalitsa munthu. Pakati pa mavairasi, wolimba kwambiri pa amene amafala kudzera m'madzi ndi wa matenda a chiwindi a hepataitisi A, ndipo iyeyu amafa pa madigiri 85 m'mphindi imodzi. Nambala ziwirizi, 72 ndi 85, zisungeni, chifukwa tizifunanso tikamakwera phiri.

Nanga ngati tizilombo timafa madzi asanawire, n'chifukwa chiyani azaumoyo amatiuza kuti tidikire mpaka agaduke? Chifukwa m'khitchini mwathu mulibe chipangizo choyezera kutentha. Simungayang'ane m'poto n'kudziwa kuti madzi afika madigiri 72 kapena akadali pa 55. Chala sichingakuuzeni, nthunzi nayonso imanyenga, makamaka m'mamawa wa mwezi wa Juni pamene ngakhale madzi ofunda amafuka. Kugaduka ndi chizindikiro chokhacho chimene aliyense angachione ndi maso popanda kukayika, ndipo chimabwera madzi atadutsa kale kutentha kumene kumapha. N'chifukwa chake a WHO amati kugaduka n'kokwanira. Mphindi imodzi ya a CDC ndi yotsimikizira, kuti munthu asaphule poto ataona thovu loyamba.

Apa mpamene anthu ambiri amalakwitsa, ndipo kwa ine cholakwika ichi n'choopsa kuposa nkhani yonse ya mapiri. Madzi asanawire amaonetsa zizindikiro zingapo zonyenga. Poyamba timathovu ting'onoting'ono timamatirira pansi ndi m'mbali mwa poto. Timeneti ndi mpweya umene unali m'madzimo ukutuluka, ndipo timaoneka madzi akadali ofunda chabe. Kenaka poto kapena ketulo imayamba kulira. Kulirako kumachitika chifukwa thovu la nthunzi likupangika pansi pomwe pali moto, n'kuphwanyika lisanafike pamwamba pomwe madzi akadali ozizirirapo. Kenaka timathovu timayamba kukwera kamodzikamodzi. Zonsezi si kugaduka. Madzi ogaduka amatulutsa thovu lalikulu losalekeza, pamwamba ponse pamagwedezeka, ndipo ngakhale mutavundula ndi chipande kapena mthiko woyera, sasiya. Mphindi ija muziyamba kuiwerenga pamenepo. Ngati foni ili patali, werengani modekha kuyambira 1 mpaka 60.

Chimene chimasintha mukakwera

Madzi amawira pamene nthunzi imene ikupangika mkati mwake yapeza mphamvu zokankha mpweya umene ukupanikiza pamwamba pa poto. Mpweya uli ndi kulemera, ngakhale sitikumva. M'mbali mwa nyanja yamchere, monga ku Beira, mpweya wonse wakumwamba umatsamira pa poto wanu, ndipo madzi amayenera kufika madigiri 100 kuti awire. Mukamakwera, mpweya wotsala pamwamba panu umachepa, kupanikiza kwake kumachepanso, ndiye madzi amawira asanafike pa 100. Mwachidule, mamita 300 alionse amene mwakwera amatsitsa kutentha kwa madzi owira ndi digiri imodzi.

Chinanso chofunika kudziwa n'chakuti madzi akayamba kugaduka m'poto wamba, satenthanso kupitirira pamenepo. Muonjezere nkhuni, mukupize moto, madziwo amangogaduka mwamphamvu ndi kuuluka ngati nthunzi, koma kutentha kwake kumakhala komweko. Choncho pamalo okwera pali malire amene madzi sangadutse, ndipo nkhawa ya anthu imachokera pamenepa.

Tiyeni tiyende m'dziko lathu kuchokera kumunsi. Ku Nsanje, kuchigwa cha Shire, malo ndi otsika kwambiri, ndipo madzi amawira pafupifupi pa madigiri 100. M'mbali mwa nyanja ya Malawi, ku Mangochi, Salima kapena Nkhata Bay, komwe ndi mamita osafika 500, amawira cha m'ma 98. Lilongwe ndi Blantyre ali pa mamita opitirira pang'ono 1,000, ndiye kumeneko ndi pakati pa 96 ndi 97. Tauni ya Dedza, imene ili pa mamita pafupifupi 1,600, madzi amawira cha m'ma 95. Abale athu a ku Joni, amene ambiri saganiza kuti akukhala pamalo okwera, ali pa mamita pafupifupi 1,750, ndipo ketulo yawo imawira cha m'ma 94. Pamwamba pa Nyika, pomwe malo ambiri apitirira mamita 2,000, ndi pakati pa 92 ndi 93. Pansonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, malo okwera kuposa onse m'Malawi, pa mamita 3,002, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 90.

Bwererani ku nambala ziwiri zija. Ngakhale pa Sapitwa, madzi ogaduka ali madigiri 18 pamwamba pa 72 ndiponso madigiri 5 pamwamba pa 85. Palibe malo m'Malawi, m'Zambia kapena m'Mozambique pomwe madzi angagaduke osafika kutentha kopha tizilombo ta m'mimba. Kuti mupeze madzi owira pa madigiri pafupifupi 70 muyenera kukafika pansonga ya phiri la Everest, pa mamita 8,849, kumene palibe mudzi.

Ndiye yankho loona n'lakuti kukwera kumasinthadi kutentha kwa madzi owira, koma sikusintha kwenikweni chitetezo chake. Lamulo la mphindi zitatu ndi losamala chabe, ndipo kuno kwathu likukhudza anthu ochepa: okwera Mulanje amene amagona m'nyumba za paphiri, oyenda pa Nyika, ndi ofika pansonga za mapiri a Dedza ndi Zomba. Kwa iwowa ndimalivomereza lamulolo, ndipo chifukwa changa si madigiri okha. Woyenda m'phiri amawiritsa madzi ochepa, mwina kapu imodzi kapena ziwiri, pa kachitofu ka gasi ka moto waukali. Madzi ochepa amatentha msanga ndiponso amazizira msanga, makamaka pa mphepo yozizira ya kumeneko, ndiye nthawi yonse imene madziwo akhala otentha kwambiri imafupika. Mphindi ziwiri zoonjezera zimabweza nthawi imeneyo, ndipo sizitha gasi wambiri.

Kumene kukwera kumamvekadi ndi pophika. Nyemba, nandolo wouma kapena nyama yolimba zimafewa ndi kutentha kwa nthawi yaitali, ndiye madigiri asanu ochepa amachititsa kuti nyemba za ku Dedza zichedwe kupsa kuyerekeza ndi za ku Nsanje. Munthu akaona nyemba zikukana amaganiza kuti tizilombo nato tikukana. Koma nyemba imafuna maola kuti ifewe, pomwe kachilombo ka kolera kafa kale madzi asanagaduke n'komwe.

Banja lina ku Dedza

Tiyerekeze banja la anthu asanu ndi mmodzi ku Dedza, m'nyengo ya dzinja, mjigo wawonongeka ndipo akutunga pachitsime chosatetezedwa. Munthu aliyense akamwa malita awiri patsiku, pakufunika malita 12, ndiye poto wa malita 6 ayenera kukwera pamoto kawiri.

Madzi a m'dzinja amakhala a matope, choncho ntchito imayamba moto usanakolezedwe. Mayi amawasiya mu ndowa kwa maola angapo kuti matope akhale pansi, kenaka amatsanulira a pamwamba m'poto kudzera pa nsalu yoyera yopinda kangapo. Moto umapha tizilombo ngakhale m'madzi akuda, koma suchotsa matopewo, ndipo ana akaona madzi ofiira amakana n'kukamwa ena osawiritsa. Nsaluyo sipha kanthu, ntchito yake n'kutchinga zinyalala basi.

Tinene kuti madziwo ali pa madigiri 20, ndipo mbaula ikutenga mphindi 25 kuti poto wovindikira agaduke pa madigiri 95. Ndiye kuti kutentha kukukwera ndi madigiri atatu pa mphindi iliyonse. Pakatha mphindi 15 madzi afika 65, ndipo mabakiteriya ayamba kufa. Pa mphindi ya 18 adutsa 72. Pa mphindi ya 22 adutsa 85. Pofika nthawi imene mayi akuvundukula n'kuona madzi akugaduka, papita kale mphindi 10 madzi ali pamwamba pa 65, mphindi 7 ali pamwamba pa 72, ndi mphindi zitatu ali pamwamba pa 85. Ntchito yonse yatha thovu lalikulu lisanaoneke. Akadikira mphindi imodzi ija n'kuphula, kupha sikuthera pomwepo, chifukwa poto wa malita 6 wovindikira amakhalabe pamwamba pa madigiri 70 kwa nthawi yoposa theka la ola. Ngati panali kachilombo kotsala, kamafera m'nthawi yozizirayi. N'chifukwa chake amati madzi azizire okha, osathiramo ayisi kapena madzi ozizira.

Tsopano tiyerekeze kuti mayi yemweyu akutsatira za mphindi 20 zimene anaphunzira kale. Poto aliyense akhala pamoto mphindi 45 m'malo mwa 26, ndiye makala akuthera pafupifupi kawiri, ndipo mapoto ndi awiri tsiku lililonse. Pa moto womwewo, m'mphindi 20 zimenezo madzi oposa theka la lita auluka pa poto aliyense. Kusandutsa lita imodzi ya madzi kukhala nthunzi kumadya moto wochuluka pafupifupi kasanu ndi kawiri kuposa kuitenthetsa kuchoka pa 20 kufika pogaduka. Moto wonsewo sukupha kachilombo kena katsopano. Ngati akuphikira pa mafuwa m'khitchini yopanda mazenera, mayi ndi mwana wakumsana akupumanso utsi kwa mphindi pafupifupi 40 zoonjezera. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti banja likaona kuti kuwiritsa kukutha makala chonchi, pakatha mlungu umodzi limangosiya. Malangizo olemetsa mopanda chifukwa amabwezera anthu ku madzi a pachitsime.

Chivindikiro n'chofunika pa zifukwa ziwiri. Chimafulumizitsa kuwira, ndiponso chimasunga nthunzi imene imatenthetsa m'mbali mwa poto pamwamba pa madzi, pomwe madontho a madzi osawiritsa anagwera pothira. Amene ali ndi ketulo yamagetsi yozima yokha asadandaule kuti siikwanitsa mphindi imodzi. Imazima madzi atagaduka kale, ndipo ingosiyidwa yotseka kwa mphindi zingapo. Koma ngati chivindikiro chake chinathyoka kapena imazima madzi asanagaduke, yang'anani ndi maso.

Zimene moto sungathe

Pali zamoyo zina zimene sizifa ndi kuwiritsa. Mabakiteriya ena amadzitsekera m'chikhungwa cholimba kwambiri chimene chimapirira madzi owira kwa nthawi yaitali, ndipo n'chifukwa chake kuchipatala zida za opaleshoni amaziika m'makina a nthunzi yopanikizidwa pa madigiri 121 kwa mphindi zosachepera 15. Mwina apa mpamene nambala zazikulu zija zinalowera m'nkhani ya madzi akumwa. Koma mabakiteriya amenewa si amene amatidwalitsa kudzera m'madzi akumwa, ndipo ngakhale mphindi 20 m'poto wamba sizingawathe onse.

Chachikulu n'chakuti moto suchotsa mankhwala ndi michere ya m'madzi. Ngati m'chitsime mwalowa feteleza wochokera kudimba, mankhwala opopera mbewu, mafuta a galimoto kapena mtovu, kuwiritsa sikuthandiza. Michere monga naitireti wa mu feteleza siuluka ndi nthunzi, ndiye madzi akamachepa m'poto iyo imatsala yomweyo n'kukhala yochuluka pa lita iliyonse. Naitireti ndi woopsa makamaka kwa makanda, choncho kuwiritsa nthawi yaitali madzi otere kumaonjezera vuto. N'chimodzimodzi ndi fulorayidi, mchere wachilengedwe umene umadetsa mano a ana kukhala ofiirira, ndipo umapezeka wochuluka m'mijigo ya madera ena monga ku Nathenje ku Lilongwe. Mijigo ya madzi amchere ya ku Chikwawa ndi Nsanje nayonso sikoma ndi moto. Madzi akamanunkha mafuta kapena mankhwala, njira yake ndi kutunga kwina ndi kudziwitsa mlangizi wa zaumoyo.

Pali zinthu ziwiri zimene zimaopsa anthu koma zilibe vuto. Zoyera ngati choko zimene zimamatirira pansi pa poto kapena kuyandama pamwamba ndi laimu wa m'madzi a pamjigo, ndipo sizivulaza. Kukoma kozizira kwa madzi owiritsa kumabwera chifukwa mpweya unatulukamo. Akazizira, athireni m'chigubu choyera chosadzaza, tsekani, khutchumulani kangapo, ndipo kukoma kumabwerera. Ngati akumveka utsi, ndiye kuti poto anali wosavindikira pa nkhuni.

Madzi atazizira

Moto ukazima, chitetezo chake chimathanso. Apa mpamene kuwiritsa kumasiyana ndi klorini. Mukathira wotagadi kapena klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, n'kudikira mphindi 30, pamatsala mankhwala pang'ono m'madzimo amene amapitiriza kupha tizilombo tolowa pambuyo pake. Madzi owiritsa alibe mlonda wotere. Akazizira ali ngati munda wolima kale, chilichonse chogweramo chimakhala.

Zimenezi zinaonekera bwino m'dziko mwathu momwe muno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pa msasa wa anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique wa Nyamithuthu ku Nsanje, ofufuza anapeza kuti madzi amatuluka pa mjigo ali abwino, koma amaipitsidwa potunga ndi posunga, makamaka ndi zala zolowa mu ndowa. Atagawira mabanja ena ndowa zovindikira zokhala ndi kamlomo kotsanulira, zimene dzanja silingalowemo, mabakiteriya ochokera m'chimbudzi anachepa m'madzimo ndi 69 pa 100 alionse, ndipo kutsegula m'mimba kwa ana osakwana zaka zisanu kunatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Sanasinthe gwero la madzi, anangosintha chosungiramo.

Ku banja lathu la ku Dedza, ngozi ili m'malo atatu. Oyamba ndi pamene mwana wabwera kuchokera kosewera ali ndi ludzu, madzi akadali otentha, ndipo wina akuthiramo madzi a mu ndowa kuti azizire msanga. Kapu imodzi ya madzi osawiritsa yabweza malita onse 6 pomwe anayambira. Njira yake ndi kuwiritsa madzulo, pa makala otsala mutaphika nsima, kuti m'mawa apezeke atazizira. Potoyo aikidwe pamalo pomwe mwana wokwawa sangafike, chifukwa madzi a madigiri 90 amawotcha khungu nthawi yomweyo.

Achiwiri ndi chosungiramo. Kutsanulira madzi owiritsa mu ndowa yomwe ija imene munatungira pachitsime, osaitsuka ndi sopo, n'kutaya makala pachabe. Chabwino ndi chigubu cha pakamwa papang'ono kapena ndowa ya kampopi yokhala ndi chivindikiro, yosungira madzi akumwa okha. Dikirani madzi azizire musanathire m'pulasitiki. Mtsuko umaziziritsa madzi bwino ndipo ambirife timaukonda, koma pakamwa pake mpotakata, ndiye umafuna chivindikiro ndi kutsukidwa kawirikawiri.

Achitatu ndi kapu. Kapu imene yakhudza milomo ndi zala ikabwerera mu mtsuko, imalowetsa zonse zimene zinali m'manja mwa womwayo. N'chifukwa chake azaumoyo amaphunzitsa za makapu awiri, ina yotungira, makamaka ya chogwirira chachitali, ndi ina yomwera. Yotungirayo isagone pansi kapena pa tebulo, ikolekedwe kapena ikhale pa mbale yoyera. Ndipo madzi owiritsa ndibwino athe pa tsiku limodzi. Otsala agwire ntchito yophikira, chosungiracho chitsukidwe, muthire atsopano.

Mliri wa kolera umene unayamba m'Malawi mu Malichi 2022 n'kupitirira mu 2023 unadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. M'nthawi ngati imeneyo, kapena madzi osefukira akaononga zitsime ndi zimbudzi monga zinachitikira ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, madzi otetezedwa sakhala akumwa okha. Otsukira mano, otsukira tomato ndi mango odya osaphika, osungunulira thanzi ORS, opangira mafirizesi, onsewa amalowa m'mimba mofanana. Kuzizira kwa mufiriji sikupha tizilombo, kumangotigoneka.

Khanda lomwe likumwa mkaka wa m'chitini lili ndi lamulo lake lapadera, ndipo likusiyana ndi zonse tanenazi pa mfundo imodzi. Ufa wa mkakawo pawokha ukhoza kukhala ndi mabakiteriya, choncho a WHO amati madzi awiritsidwe, kenaka asakanizidwe ndi ufawo asanazizire kutsika madigiri 70. Pa lita imodzi ya madzi, ndiye kuti musadikire kupitirira mphindi 30 chiphulireni. Mukasakaniza, ziziritsani kapu kapena botolo poliimika m'madzi ozizira osalola madziwo kufika pakamwa pake, ndipo donthezani pang'ono pa mkono wanu kuti mumve ngati mkakawo wafika pofunda mwana asanamwe. Wotsala ukatha maola awiri utayidwe.